Kuchepetsa kanema osamuwononga: zoyenera kusankha musanadine Export

Kanema wa mphindi 4 wojambulidwa ndi foni yamakono amatha kulemera 500 MB. Munthu amene ali ndi bandulo ya 1 GB ataya theka lake pongotumiza kanema mmodziyo, ndipo wolandira ayeneranso kulipira theka la yake kuti amuonere. Netiweki ikakhala yofooka, fayilo yotere imafika pakati n'kuima, kenaka n'kuyambiranso. Komatu kanema yemweyo angathe kutsika kufika pa 30 MB n'kumaonekabe bwino pa foni, malinga wokonzayo adziwe zinthu zitatu zimene zimalamula kulemera kwake: bitireti, kukula kwa chithunzi ndi njira yopanikizira.

Samu imodzi yofunika kuidziwa

Kanema ndi mndandanda wa zithunzi zoonetsedwa mofulumira, kawirikawiri 30 pa sekondi iliyonse, pamodzi ndi mawu. Bitireti ndi kuchuluka kwa data imene yapatsidwa sekondi iliyonse ya kanemayo. Mapulogalamu amailemba ngati kbps kapena Mbps, ndipo 1 Mbps ndi chimodzimodzi ndi 1,000 kbps. Kulemera kwa fayilo kumachokera pa zinthu ziwiri zokha, bitireti ndi kutalika kwa kanema:

```
MB = Mbps × masekondi ÷ 8
```

Timagawa ndi 8 chifukwa baiti imodzi ili ndi mabiti 8. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka: liwiro la intaneti ndi bitireti zimayezedwa m'mabiti, pomwe fayilo ndi bandulo zimayezedwa m'mabaiti. Netiweki yothamanga pa 1 Mbps simanyamula 1 MB pa sekondi ayi; imanyamula 1 MB m'masekondi 8.

Onani kuti m'samuyi mulibe 1080p kapena 720p. Kanema wa 720p ndi wa 1080p akapatsidwa bitireti imodzi ndi kutalika kumodzi, amalemera chimodzimodzi. Kuchepetsa kukula kwa chithunzi pakokha sikupepukitsa fayilo. Chimene kumachita ndi kulola kuti bitireti yotsika ikwanire. Chithunzi cha 1080p chili ndi timadontho 1,920 m'lifupi ndi 1,080 m'litali, pamodzi 2,073,600. Cha 720p chili ndi 921,600, ndipo cha 480p chili ndi pafupifupi 410,000. Data yochepa ikagawidwa kwa timadontho tambiri, kalikonse kamalandira zosakwanira ndipo chithunzi chimaphwanyika. Data yomweyo ikagawidwa kwa timadontho tochepa, chithunzi chimakhala chofewa pang'ono koma chosalala. Pa galasi la foni, diso limakhululukira kufewa msanga kusiyana ndi kuphwanyika.

Chitsanzo: kanema wa chinkhoswe

Tiyerekeze kuti mwajambula chinkhoswe ku Chilomoni ndipo mwasankhamo mphindi 4 zoti mutumize ku gulu la abale la anthu 60. Mphindi 2 zoyamba ndi ankhoswe akulankhula ataima malo amodzi, ndipo 2 zinazo ndi pelekanipelekani, anthu akuvina m'zovala za chitenje, ndalama zikuuluka. Foni yajambula pa 1080p, zithunzi 30 pa sekondi, pa bitireti ya 17 Mbps, yomwe si yachilendo pa mafoni ambiri a Android.

Mphindi 4 ndi masekondi 240. Tikachulukitsa 17 ndi 240 n'kugawa ndi 8, tipeza 510 MB. Pa netiweki yokweza zinthu pa 1 Mbps, fayiloyi ifuna masekondi 4,080, omwe ndi ola limodzi ndi mphindi 8, netiwekiyo ikapanda kudukako. Abale onse 60 atati aitsitse momwe ilili, pamodzi awononga data yoposa 30 GB.

Tsopano tiyambire kumapeto, pa kulemera kumene tikufuna. Tinene kuti ndi 30 MB. Tikachulukitsa 30 ndi 8 tipeza mamegabiti 240, ndipo tikagawa ndi masekondi 240 tipeza 1 Mbps, kapena 1,000 kbps. Chimenechi ndi chuma chonse chimene tili nacho pa sekondi iliyonse, ndipo chiyenera kugawidwa pakati pa chithunzi ndi mawu. Mawu tiwapatse 96 kbps, popeza muli nyimbo. Zotsala ndi 904 kbps, koma fayilo imakhalanso ndi tizinthu tina ta m'kati tomwe timadya malo pang'ono, choncho chithunzi tichipatse 880 kbps.

Funso lotsatira ndi lakuti 880 kbps ikukwanira chithunzi chachikulu bwanji. Pa gawo la ankhoswe, 720p ikwana bwinobwino. Chifukwa chake chagona pa momwe kupanikiza kumagwirira ntchito. Pulogalamu sisunga chithunzi chilichonse chathunthu. Imasunga chimodzi chathunthu, kenaka pa zotsatira imangolemba zimene zasintha. Munthu akamalankhula ataima, khoma la kumbuyo, tenti ndi mipando sizisintha. Zikusuntha ndi milomo, maso ndi manja basi, ndipo zimenezo zimafuna data yochepa. Pa gawo lovina, pafupifupi kadontho kalikonse kakusintha, wojambula nayenso akugwedezeka, ndipo maluwa a chitenje ndi ovuta kuwapanikiza chifukwa ali ndi timizere tambirimbiri. Pamenepo 880 kbps pa 720p iyamba kuonetsa timabokosi pankhope ndi pa nsalu. Pa 480p, kadontho kalikonse kalandira data yoposa kawiri, ndipo kuvinako kuoneka koyera.

Kanemayu ali ndi zonse ziwiri, choncho pafunika kusankha. Ngati oonera onse agwiritsa ntchito foni, 480p ndi chisankho chanzeru. Pali njira ya pakati, 540p, ya timadontho 960 ndi 540, imene anthu ambiri amaiiwala chifukwa mapulogalamu ena a pa foni saiika pa mndandanda, koma pa kanema wosakaniza ngati uyu imachita bwino. Ngati pali wina amene aonetse kanemayu pa TV, ndi bwino kukweza cholinga kufika 45 MB, zomwe zimapereka 1,500 kbps, n'kukhala pa 720p. Mulimonsemo, fayilo ya 30 MB idutsa netiweki ya 1 Mbps m'mphindi 4 zokha, ndipo gulu lonse liwononga 1.8 GB.

Asanaiwalike, pali chida china champhamvu kuposa zonsezi, chomwe ndi lumo. Kudula masekondi 40 oyambirira amene wojambula ankafunafuna malo oima kumachotsa gawo limodzi mwa magawo 6 a fayilo popanda kuwononga kalikonse.

Njira yopanikizira

Njira yopanikizira, imene akatswiri amaitcha kodeki, ndi malamulo amene pulogalamu imatsata pofupikitsa zithunzi. Zodziwika ndi zitatu. H.264 inakhazikitsidwa mu 2003, H.265, yomwe imatchedwanso HEVC, inabwera mu 2013, ndipo AV1 inatuluka mu 2018. Zatsopanozi zimapereka chithunzi chofanana pa data yocheperapo, koma zimatenga nthawi yaitali kukonza ndipo zimafuna foni yamphamvu kuti ziseweredwe. Foni yakale kapena yotsika mtengo ikalandira kanema wa H.265 imatha kutulutsa mawu okha galasi lili bii, kapena kusewera modukizaduka uku ikutentha. Pamene simukudziwa mafoni a anthu olandira, ndipo pa gulu la abale 60 simungawadziwe, H.264 m'fayilo ya MP4 ndi mawu a AAC ndiyo yodalirika. Kupulumutsa 8 MB n'kusiya agogo akulephera kutsegula kanema si phindu.

Kuchita zimenezi ndi HandBrake

HandBrake ndi pulogalamu yaulere ya pa kompyuta, imene imagwira pa Windows, macOS ndi Linux. Mukatsegula kanema wanu, sankhani `Fast 480p30` kapena `Fast 720p30` pa `Preset` ngati poyambira. Pa tsamba la `Summary`, onetsetsani kuti `Format` ili pa MP4 ndipo chongani `Web Optimized`. Kabokosi kameneka kamasamutsa kalozera wa fayilo kuchoka kumapeto kupita koyambirira, kotero kuti kanema akaikidwa pa intaneti amayamba kusewera asanatsike yense. Sikasintha kulemera ngakhale pang'ono, koma pa netiweki yochedwa kamasiyanitsa kudikira masekondi ochepa ndi kudikira fayilo yonse.

Pa tsamba la `Video` pali njira ziwiri, ndipo kusiyana kwake n'kofunika kukumvetsa. Yoyamba ndi `Avg Bitrate (kbps)`. Apa mumalamula kulemera, ndipo ubwino wa chithunzi umakhala umene ungatheke. Pa chinkhoswe chathu mulemba 880, n'kuchonga `Multi-Pass Encoding`, imene m'mitundu yakale ya pulogalamuyi imalembedwa `2-Pass Encoding`. Ikatero pulogalamu imayamba yaonera kanema yense kuti idziwe povuta ndi posavuta, kenaka imagawa data moyenera: imamana ankhoswe, amene safuna zambiri, n'kuwonjezera kwa ovina. Pa kanema wa magawo osiyana chonchi, kudutsa kawiriku kumasintha zinthu kwambiri.

Njira yachiwiri ndi `Constant Quality`, yoyezedwa ndi nambala ya RF. Apa mumalamula ubwino wa chithunzi, ndipo kulemera mumakudziwa ntchito ikatha. Nambalayi imayenda mobwerera: ikakwera, chithunzi chimatsika ndipo fayilo imapepuka. Pa H.264 imayambira 0 kufika 51, koma zogwiritsa ntchito zili pakati pa 18 ndi 28. Lamulo lachidule ndi lakuti kuwonjezera 6 kumachepetsa fayilo ndi pafupifupi theka, choncho kanema amene watuluka 60 MB pa RF 22 akhala cha m'ma 30 MB pa RF 28. Kwa oonera pa foni, 24 mpaka 27 ndi malo abwino oyambira. Kupitirira 30, nkhope zimayamba kuoneka ngati zopakidwa phula.

Ngati pali malire enieni, monga tsamba lolandira mafomu limene likukana fayilo yoposa kulemera kwakutikwakuti, gwiritsani ntchito bitireti. Ngati mukungofuna kanema wopepuka wooneka bwino, RF ndi yosavuta ndipo siwononga data pa malo osafunika.

Pa tsamba lomwelo pali `Encoder Preset`, yoyambira `Ultrafast` kukafika `Placebo`. Imeneyi imauza kompyuta kuchuluka kwa khama loti ichite pofunafuna njira zofupikitsira. Ikachita mwachangu, ntchito imatha msanga koma data imawonongeka. `Slow` ndi yoyenera pa kanema waufupi. Zopitirira apo zimadya nthawi yambiri pa phindu lochepa, ndipo pa laputopu imene ikudalira batire magetsi atazima, ngakhale `Medium` ndi yokwanira.

Pomaliza, pitani pa `Audio`. Gawoli limanyalanyazidwa, chonsecho mafoni ena amajambula mawu pa bitireti yoposa 200 kbps. Pa fayilo ya 510 MB zimenezo sizioneka, koma pa chuma cha 1,000 kbps ndi gawo limodzi mwa magawo 5. Kwa munthu wongolankhula, 64 kbps pa `Mono` imamveka bwino. Kwa nyimbo, 96 kapena 128 kbps. Musatsike kwambiri kuposa apa: anthu amapirira chithunzi chofewa, koma mawu omveka ngati akuchokera pansi pa madzi amawatsekesa kanema.

Lamulo limodzi la FFmpeg

Amene saopa kulemba malamulo pa kompyuta angachite zonsezi ndi FFmpeg, pulogalamu yaulerenso, pa mzere umodzi:

```
ffmpeg -i chinkhoswe.mp4 -vf scale=-2:480 -c:v libx264 -preset slow -crf 25 -maxrate 1200k -bufsize 2400k -pix_fmt yuv420p -c:a aac -b:a 96k -movflags +faststart chinkhoswe_480.mp4
```

Apa `-crf` ndi RF ija, ndipo `+faststart` ndi `Web Optimized`. Mawu akuti `-maxrate` amaika denga kuti gawo lovina lisakwere mopitirira zimene netiweki yofooka ingakwanitse. Nambala ya `-2` imauza pulogalamu kuti iwerengere yokha mulifupi ndipo ikhale nambala yogawika ndi 2. Mukalemba `-1`, nthawi zina ntchito imakanika ndi uthenga wakuti `width not divisible by 2`. Ngati kanema anajambulidwa foni itaimirira, sinthani kukhala `scale=480:-2`, apo ayi chithunzi chituluka chaching'ono kwambiri, cha timadontho 270 zokha m'lifupi.

Musanapanikize kanema yense, yesani kachigawo. Kuika `-ss 150 -t 20` patsogolo pa `-i` kumatenga masekondi 20 kuyambira pa sekondi ya 150, pakati pa kuvina. Sankhani dala malo ovuta kwambiri, ndipo kachigawoko mukaonere pa foni, osati pa kompyuta imene mwakonzerapo. Ngati malo ovutawo akuoneka bwino, ena onse ali bwino.

Amene alibe kompyuta

Mapulogalamu okonzera makanema pa foni, monga CapCut, sapereka ufulu wonsewu, koma potulutsa kanema amalola kusankha kukula kwa chithunzi, chiwerengero cha zithunzi pa sekondi, ndipo ena amalolanso bitireti. Ambiri amaonetsa kulemera koyembekezeka musanadine. Samu ija imagwirabe ntchito: chulukitsani kulemerako ndi 8, gawani ndi masekondi, ndipo mudziwa bitireti imene pulogalamuyo yakusankhirani. Ngati yakupatsani 720p pa 5 Mbps kwa munthu wongolankhula, yakupatsani zochuluka kwambiri kuposa zofunika.

Pa chiwerengero cha zithunzi, kanema wojambulidwa pa 60 mutsitseni kufika 30. Fayilo ipepuka, ngakhale osati ndi theka lenileni, chifukwa zithunzi zoyandikana kwambiri zimafanana ndipo zinali zosavuta kale kupanikiza. Koma wojambulidwa pa 30 musamusinthe kukhala 25 kapena 24. Pulogalamu imataya zithunzi mosalingana, ndipo kuyenda kwa anthu kumaoneka kodumphadumpha.

Zizindikiro za vuto ndi magwero ake

Timabokosi towonekera pamene zinthu zikuyenda mofulumira timatanthauza kuti bitireti yachepera kukula kwa chithunzi. Mankhwala ake ndi kutsitsa chithunzi kapena kukweza bitireti. Mizere yonga masitepe pa thambo kapena pa khoma losalala imachokera pa kupanikiza kopitirira muyeso, ndipo kutsitsa RF ndi 2 kawirikawiri kumaichepetsa.

Vuto lodabwitsa ambiri ndi la kanema wa usiku. Munthu amaganiza kuti mdima ndi wosavuta kupanikiza, koma fayilo imatuluka yolemera kuposa ya masana. Chifukwa chake n'chakuti kamera ya foni ikasowa kuwala imadzaza chithunzi ndi timchenga tonyezimira tosintha pa chithunzi chilichonse, ndipo pulogalamu imawononga data kusunga timchengato ngati kuti n'tofunika. Mu HandBrake, tsamba la `Filters` lili ndi `Denoise`. Kusankha `NLMeans` pa `Light` kumatsuka timchengato, fayilo n'kupepuka, ngakhale ntchito imachedwerapo. Mukapitiriza muyeso, khungu la anthu limasalala ngati la chidole.

Mitundu ikatuluka yofwifwa ngati nsalu yosuluka, kawirikawiri kanemayo anajambulidwa mu HDR, monga momwe amachitira mafoni a iPhone kuyambira pa iPhone 12, ndipo anasinthidwa popanda kukonza mitundu. Mu HandBrake, sankhani `BT.709` pa `Colorspace` m'tsamba la `Filters`. Chosavuta kwambiri ndi kuzimitsa HDR mu kamera musanajambule kanema amene mukudziwa kuti apita pa magulu. Ndipo mawu akamatsalira kapena kutsogola milomo, gwero lake nthawi zambiri ndi lakuti mafoni sajambula pa liwiro lokhazikika. Kusankha `Constant Framerate` pa tsamba la `Video` kumathandiza.

Potumiza

WhatsApp imapanikizanso kanema aliyense wotumizidwa mwa njira ya masiku onse, ndipo Facebook ndi YouTube nazonso zimapanga makope awoawo. Kupanikiza kulikonse kumataya zina zimene sizibwereranso, ndipo kupanikiza kwachiwiri kumasunga zipsera za koyamba n'kuwonjezera zake. N'chifukwa chake kanema amene wadutsa m'magulu angapo, kutsitsidwa, kudulidwa n'kutumizidwanso amafika nkhope zosazindikirika. Nthawi zonse yambirani pa fayilo yoyambirira ya mu kamera, ndipo muisunge ngakhale mutapanga yopepuka.

Kuti fayilo yanu ya 30 MB ifike momwe mwaikonzera, itumizeni pa WhatsApp ngati `Document`. Njira imeneyi siyikhudza fayilo, ndipo imalola mpaka 2 GB. Kuipa kwake n'kwakuti wolandira sangathe kuonera pang'ono kaye. Ayenera kuitsitsa yonse. Choncho ndi ulemu kulemba kutalika ndi kulemera kwake mu uthenga, mwachitsanzo kuti ndi mphindi 4 ndi 30 MB, kuti amene bandulo yake yatsala pang'ono adikire nthawi yabwino.

Ngati kanemayo akupita pa YouTube kapena Facebook, nkhani imasintha pang'ono. Kumeneko oonera salandira fayilo yanu. Amalandira kope limene tsambalo lapanga molingana ndi netiweki yawo. Data imene mukupulumutsa ndi yanu yokha yokwezera, ndipo kope lawo silingapose limene mwawapatsa. Pamenepo ndi bwino kukhala pa 720p ndi RF ya 21 kapena 22, n'kukweza fayiloyo usiku kapena m'mamawa, netiweki isanadzaze.